Liwu Loti Mailo mu Lipoti la Bodi

Amayi anga ankanena kuti ine ndinabadwa ndi mphuno yaitali, yofuna kununkhiza mphika uliwonse. Sankanama. Ndikakwera basi kuchokera kwathu ku Mtendere, mu Lusaka muno, pofika m'tauni ndimakhala nditadziwa kale kuti mayi wakhala pambali pangayo akupita kukaona ndani ku chipatala ndipo anadwala liti. N'chifukwa chake mpaka lero zimandipweteka kuti funso limodzi lokha limene linali lofunika pa ntchito yanga sindinalifunse kwa miyezi itatu yathunthu.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa depoti ina m'mphepete mwa Kanyama. Inali ya kopaletivu ya amalonda, ndipo ntchito yathu inali kuperekera shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere ku tuntemba, timashopu tating'ono ta m'makomboni tija. Tinali ndi malole atatu. Ina inkapita kum'mawa, ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni. Ina inkazungulira Kanyama ndi Chawama. Yachitatu inali ya kumadzulo, Matero, George ndi Lilanda, ndipo ankayendetsa bambo wina wachikulire, wosalankhulalankhula, amene anayamba ntchitoyo ine ndisanamalize sukulu. Tonse tinkangowaitana kuti ba Dalaiva, ngati kuti ena awiriwo ankayendetsa ngolo.

Lonjezo lathu kwa makasitomala linali limodzi: mukapereka oda lero, katundu afika tsiku lotsatira. Chigawo chilichonse chinali ndi ejenti wake, woyenda pansi m'mawa kulemba maoda pa timapepala. Masana ankajambula timapepalato n'kutumiza pa foni. Wosunga katundu ankaona zithunzizo n'kukonzeratu zopakira, ine n'kumazilowetsa mu kompyuta. Ndinkalemba tsiku limene oda inatengedwa, kompyuta n'kuwonjezera yokha tsiku limodzi. Dalaiva akabweza pepala losainidwa ndi mwini kantemba, ndinkalemba tsiku limene katundu wafika. Likapitirira lonjezo, kabokosi kankafiira. Kompyutayo inali itangobwera kumene chaka chimenecho, mayi amene ankalemba zonse m'buku lalikulu atapuma ntchito, ndipo ine ndinkainyadira kwambiri.

Miyezi itatu ikatha, bodi ya kopaletivu inkakumana. Ulendo umenewu manijala wathu anandiitana mu ofesi yawo nkhope itagwa. Manambala ankasonyeza kuti kuchedwa kwa katundu kwakwera moti aliyense akanaona, ndipo kufiira kochuluka kunali kumadzulo.

"Ba Dalaiva naapasa kalata," anatero. "Bazankala ku nyumba mpaka bodi ikambe. Iwe lemba lipoti, peji imodzi chabe na tebulo pansi. Uike kuti vuto ni dalaiva wa kumadzulo. Ba bodi sibafuna nkhani yaitali."

Manijala sanali munthu woipa, ayi. Anali atangotopa, ndipo ankadziwa kuti a bodi akapanda kupatsidwa munthu woloza chala, chalacho chiloza iwo. Zinali zodziwika kuti bodi ikavomereza lipoti lotere, ba Dalaiva ntchito yatha. Pa msinkhu wawowo, ndani akanawalembanso?

Ndinayamba ndi tebulo la manambala lija, chifukwa manambala sandivuta. Mizere itatu ya zigawo zitatu, ndi mzere wa zonse pamodzi pansi pake. M'mbali mwake maulendo onse operekera katundu, ochedwa angati, ndi ochedwa angati pa zana lililonse, miyezi itatu yapitayo ndi miyezi itatu inoyo. Pasanathe ola tebulo linali litatha, looneka bwino. Chinandivuta ndi mawu apamwamba pake. Ndinalemba kuti, "Kuchedwa kwakwera chifukwa," kenako chala chinangouma. Tebulo linkandiuza kumene kuchedwa kunali, koma silinkandiuza chifukwa. Ndikanalemba kuti ndi ulesi wa dalaiva, a bodi akanandifunsa kuti ndaona pati, ndikanaloza chiyani?

Ndiye mphuno ija inayamba kuyabwa. Ndinati ndione kaye kuti katundu ankachedwa masiku angati. Ku Kanyama ndi Chawama zinali zosakanikira: kwina masiku awiri, kwina atatu, ndipo zonse zinaunjikana m'masabata amene lole yawo inali ku galaja. Zimenezo ndinkazidziwa, chifukwa ndi khutu langa lomweli limene linkatukwanidwa pa foni masabata amenewo. Koma kumadzulo kunali kodabwitsa. Pafupifupi kuchedwa kulikonse kunali kwa tsiku limodzi ndendende. Osati awiri, osati atatu. Kodi waulesi wake ndi uti amene amachita ulesi mwa muyezo chonchi?

Ndinatsegula buku la madandaulo. Kanyama inadzaza masamba. Matero, George, Lilanda, zii! Anthu a ku Matero amene ndimawadziwa ine, shuga kuchedwa tsiku lathunthu iwo n'kukhala chete? Mayi wa kantemba wa ku George akhoza kukuimbira foni kasanu chifukwa cha sopo mmodzi wophwanyika pakona. Apa ndinangoti, iyayi, pali kanthu.

Poyamba ndinakayikira msewu. Ndinafunsa madalaiva enawo ngati kumadzulo akukumba penapake, anati njira ili monga kale. Mvula sikanakhala chifukwa, inali nyengo ya fumbi. Ndinakayikira wosunga katundu kuti mwina amaiwala kupakira, ndipo nditamufunsa anandiyang'ana ngati ndamupempha impso. Anandionetsa mapepala ake, onse ali m'malo mwake. Ndinayambanso kuganiza zoipa, ndisabise: mwina ba Dalaiva ali ndi kwina kumene amakhotera ndi lole, ndipo makasitomala amawabisira chifukwa chowazolowera. Ndinachita kusangalala ndi ganizo limeneli, poti linali lokoma kulifufuza.

Lachitatu m'mawa ndinauza manijala kuti ndikupita kukaona makasitomala. Anangopukusa mutu n'kunena kuti lipoti alifuna Lachisanu. Ndinatenga mapepala angapo a maoda ofiira aja n'kukwera basi ya ku Matero.

Ejenti wathu wa kumeneko ndinamupeza pafupi ndi msika, kabuku ka timapepala m'manja, cholembera atachibaya m'tsitsi. Anali mayi wamsinkhu wanga, wochokera ku Kopala, chigawo cha migodi chija, woyenda mofulumira moti ndinkachita kuthamangira. Tinkalankhulana pa foni pafupifupi tsiku lililonse koma maso ndi maso tinali titaonana kawiri kokha. Ndinamuuza kuti ndikufuna kumva kwa eni tuntemba za kuchedwa kwa katundu.

"Kuchedwa kwa chani, ba sisi?" anandifunsa.

Kantemba koyamba kanali ka bambo wina wovala chipewa cha mpira. Ndinamuonetsa pepala limene iye mwini anasaina n'kumufunsa ngati akukumbukira kuti katunduyo anabwera mochedwa. Anaseka.

"Ba mudala baja? Nikaona lole yao niziba kuti manje ni naini koloko. Wochi yanga ni beve. Nanga bali kuti masiku yano? Uyu mwatuma amaponya vinthu monga ni njerwa."

Kwachiwiri chimodzimodzi. Kwachitatu mayi wa kantemba anachita kundikalipira kuti ngati tawachotsa ba Dalaiva tinene, akagule kwina. Ndinaima pamsewu mutu utazungulira. Kompyuta ikuti achedwa, olandira katundu akuti sanachedwepo. Wina mwa awiriwa ankanama, ndipo ine kompyuta yanga ndinkaikhulupirira kuposa anthu.

Tili pa kantemba kachinayi, mwini wake anayamba kupereka oda. Mafuta amuthera, anatero, ndipo anachita kugogoda pa thabwa: "Mailo, ka! Osati vakuti-vakuti. Mailo!" Ejenti anavomera, n'kusolola cholembera m'tsitsi. Ine ndinasuzumira paphewa pake monga mwa khalidwe langa. Pa kabokosi ka tsiku, pamwamba pa kapepala, analemba zilembo zazikulu: MAILO. Anadula mzere pansi pake.

Ndinaliyang'anitsitsa liwulo.

Kwa amene sanakhale mu Lusaka ndifotokoze. Mailo ndi liwu limene tinabwereka kwa anzathu a Chibemba, ndipo limatanthauza dzulo, limatanthauzanso mawa. Pokamba silisokoneza munthu, chifukwa mawu ena amakuuza. "Ninabwela mailo" ndi dzulo, "nizabwela mailo" ndi mawa, ngakhale mwana amadziwa. Amayi anga okha, amene bambo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, ndi amene ankalikana m'nyumba mwathu. Ankati munthu amene dzulo lake ndi mawa lake n'chimodzi usamubwereke poto. Tinkawaseka. Koma pa kapepala paja liwulo linali lokhalokha, lopanda mnzake woliperekeza.

"Ba sisi," ndinatero, "mukalemba mailo apa, mutanthauza chani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti madzi ndi chiyani. "Kuti bapeleke mailo. Kasitomala akanikakamiza, nilemba so kuti ku depoti baone kuti ni ya changu. Ba mayo baja benze pa buku benze kuziba."

Ine kwa miyezi itatu ndinkawerenga kuti dzulo.

Ndipo ndikudziwa pamene zinayambira. Sabata yanga yoyamba pa kompyuta, ejenti yemweyu anatumiza kapepala kolembedwa mailo, n'kundiimbira kuti, "Iyi ni ya mailo, ninaiwala kutuma, koma ninabauza kale ba Dalaiva pa foni." Tsiku limenelo linalidi dzulo. Basi, ine m'mutu ndinakhoma msomali: kapepala ka mailo ndi oda ya dzulo, yomwe dalaiva wauzidwa kale, yoyenera kufika lero. Maejenti ena awiri ankalemba deti la tsikulo m'manambala, choncho kwawo kunalibe vuto. Koma kapepala kalikonse ka mailo ndinkakabweza m'mbuyo tsiku limodzi. Kompyuta n'kuwonjezera tsiku lake, lonjezo n'kukhala lero, lole itanyamuka kalekale. Wosunga katundu ankawerenga bwino, ankapakira za mawa. Ba Dalaiva ankapereka pa tsiku lenileni limene kasitomala wapempha. Ine n'kumawafiiritsa.

Pobwerera m'basi sindinafunse munthu aliyense za moyo wake. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo apa khoswe ndinali ine, mkhate n'kukhala lipoti limene ndinapatsidwa kulemba. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Ndinaganiza zolemba kuti "panali kusamvana pa kalembedwe ka masiku," mawu oterera aja oti munthu sangagwire aliyense. Ndinaganizanso zokankhira kwa ejenti, poti ndiye ankalemba liwu m'malo mwa deti. Koma iye ankachita zimene ankachita kuyambira kale, ndipo palibe anamuuza kuti zasintha. Woyenera kumuuza ndinali ine.

Lachinayi lonse ndinakhala ndi zithunzi za timapepala ta miyezi itatu. Foni imasunga tsiku limene chithunzi chatumizidwa, ndiye ndinkatenga kalikonse ka mailo, kuona tsiku limene kanabwera, n'kukonza mu kompyuta. Kumene ndinkakayika ndinkamuimbira ejenti, iye n'kuyang'ana m'makope otsala m'kabuku kake. Towerengeka tinapezeka kuti tinalidi ta dzulo, ndipo ndinatisiya momwemo. Timabokosi tofiira tinkazima kamodzikamodzi. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa manyazi onsewo ndinkamvanso kukoma, kuja munthu amamva akamamasula ulusi wopiringizana. Pomaliza, kumadzulo kunabwerera pamene kankakhala nthawi zonse. Kanyama ndi Chawama sizinasunthe, kuchedwa kwake kunali kwenikweni.

Tebulo ndinaliwonjezera danga limodzi. Tsopano linkasonyeza miyezi itatu yapitayo, miyezi inoyo monga tinawerengera poyamba, ndi miyezi inoyo titakonza, kuti munthu aone ndi maso ake pamene pasintha. Manambala oyambawo sindinawafufute, chifukwa a bodi anali atawamva kale ndipo akanadabwa kuti apita kuti. Pansi pa tebulo ndinalemba kuti "kuchedwa" tikutanthauza katundu wofika litadutsa tsiku lotsatira oda.

Mawu apamwamba aja tsopano anabwera okha. Ndime yoyamba inayankha funso la bodi mosazungulira: kuchedwa kunakweradi, koma osati monga manambala oyamba anasonyezera. Ndime yachiwiri inali ya kukwera kwenikweni, lole ya Kanyama ndi Chawama kukhala ku galaja popanda ina yolowa m'malo, ndipo ndinaloza mzere wake pa tebulo. Yachitatu inali ya kumadzulo. Ndinailemba kanayi. Pomaliza inati kalaliki wolowetsa maoda, amene ndi mlembi wa lipoti lino, ankawerenga liwu loti mailo ngati dzulo pamene ejenti ankatanthauza mawa, ndipo dalaiva wa chigawocho ankapereka katundu pa nthawi yake. Ndime yomaliza inanena zimene takonza, kuti kapepala kakhale ndi mabokosi awiri, tsiku la oda ndi tsiku loperekera, onse m'manambala, ndi zimene tikupempha bodi: ivomereze kubwereka lole ina yathu ikawonongeka, ndipo ichotse kalata ya ba Dalaiva.

Manijala anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi n'kuwerenganso.

"Uziba kuti wazilemba weka apa?"

"Niziba, ba Manijala."

"Na ine waniika. Ndine ninasaina kalata ija."

Ndinati dzina lawo mulibemo. Anati a bodi si ana. Anayamba kugudubuza cholembera pa desiki, ndipo ine ndinkangoyembekeza kuti andiuza ndichotse ndime yachitatu. Sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani. M'malo mwake anatenga cholembera chija n'kuwonjezera mawu pa mapeto a ndimeyo, akuti ndipo manijala sanafufuze asanalembe kalata. Anati nditayipe momwemo.

Bodi inakumana Loweruka m'mawa m'kalasi ya sukulu ina ku Chawama, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. Wapampando anali mayi wachikulire, mwini mashopu awiri, wowerenga ndi chala. Anayamba ndi tebulo, monga amachitira onse, chala chikuyenda pa mzere wa kumadzulo. Chitafika pa danga lachitatu chinaima. Anakwera pamwamba kukawerenga mawu. Atafika pa mailo, bambo wina wa bodi anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, mpaka wina anayamba kusimba za mlamu wake amene anafika pa ukwati utatha chifukwa cha liwu lomweli. Inenso ndinayamba kumwetulira, mtima ukutsika.

Wapampando sanaseke. Anadikira phokoso lithe n'kufunsa kuti ba Dalaiva akhala kunyumba masiku angati. Manijala anati masabata awiri. Anafunsanso ngati pali amene anapita kukawafunsa mbali yawo kalata isanalembedwe. Manijala anavomera kuti palibe amene anapita. Bodi inavomereza zonse zimene tinapempha, ine n'kupatsidwa kalata yanga ya chenjezo, yomwe ndinaiyenera. Kenako mayiyo anandiloza.

"Iwe wamene unalemba, ndiwe uzayenda kubauza. Osati pa foni."

Ndinapita masana omwewo. Nyumba yawo inali ku George, mkati ndithu, ndipo ndinachita kufunsira kwa amayi a pa mpopi. Ndinawapeza atakhala pa mpando panja, atavala malaya a ntchito ochapa bwino, ngati munthu amene akudikira kuitanidwa. Akazi awo anandipatsa kampando n'kulowa m'nyumba, koma chitseko anachisiya chotsegula.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira kapepala koyamba. Ndinkayembekeza kuti pofika pa mailo aseka monga anasekera a bodi, ndipo ndinachita kusiya mpata woti asekere. Sanaseke. Ankangoyang'ana manja awo.

"Masabata yabili," anatero pomaliza, "nenze kuganiza kuti kapena mutu wayamba kusila. Pepala ikamba kuti nachedwa, ine sinikumbuka. Ninauza amake bana kuti kapena nakalamba, niiwala manje."

Apa ndiye ndinalira, ine wamkamwa uja. Za ntchito ndinkazidziwa, koma sindinaganizepo kuti bambo ameneyu wakhala masabata awiri akudzikayikira nzeru chifukwa cha ine. Ndinapepesa, ndinapepesanso. Anangogwedeza mutu pang'ono. Kenako ndinapukuta maso n'kunena uthenga umene ndinatumidwa, ndipo pakamwa panangotuluka mwachizolowezi, poti ku depoti Lamlungu ndi tsiku lokonzekera za sabata:

"Ba bodi bakamba kuti mubwele mutenge makiyi mailo."

Anakweza maso n'kundiyang'ana koyamba chifikireni. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kalata ija yowaimitsa ntchito, yopindidwa mpaka kutha m'makona. Anaitembenuza kumbuyo kosalembedwa, n'kundipatsa pamodzi ndi cholembera chawo chosainitsira makasitomala.

"Lembani tsiku, mayo," anatero. "Na mwezi. Mu manambala."

Ndinalemba. Anawerenga, anapinda pepalalo, nalibwezera m'thumba.